Anzanga awiri ayambana chifukwa cha belo la kaunjika, ndipo onse akudandaulira ine

Mayi wa ku Chilomoni:
Abale ndi alongo pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi anzanga awiri amene takhala limodzi kuyambira ku sekondale. Maina sinditchula. Wina ali ndi saluni, winayo amagulitsa zovala kumsika, ndiye ndizingoti wa saluni ndi wa kumsika. Mwezi wathawu anasonkherana ndalama n'kugula belo la madiresi ku Limbe. Wa saluni anaika K250,000, wa kumsika K150,000. Anangogwirizana pakamwa kuti adzagawana phindu, osalemba kanthu. Amene anakhala padzuwa kugulitsa kwa masabata atatu ndi wa kumsika.

Pano sakulankhulana. Lachiwiri wa saluni anabwera kwathu, anakhala pakhonde mpaka mdima, akulira kuti mnzakeyo wangomubwezera K250,000 yake basi, phindu osaliona. Ine ndinati, "Zoona asisi, sanachite bwino." Lachinayi wa kumsika ananditumizira voisi ya mphindi 9, akuti iye wapsa ndi dzuwa, wanyamula chikwama m'minibasi tsiku ndi tsiku, pamene winayo amangoimba foni kufunsa kuti zalowa zingati. Nayenso ndinamuuza kuti, "Zoona, wavutika." Kenako pakamwa panga panapulumuka. Ndinamuuza kuti mnzakeyo akuti wamudyera ndalama. Usiku womwewo analemba pa sitetasi kuti anthu ena amadya za amuna awo aku Joni koma amatcha anzawo akuba. Tsopano wa saluni akufuna ndimutumizire voisi ija kuti amve yekha. Sindikugona. Onsewa ndimawakonda. Nditani?

Mnyamata wa ku Joni:
Achemwali, chokanipo. Auzeni onse awiri kuti za ndalama zawo asakuuzeni. Anthuwa mawa agwirizana, ndipo akadzakhala pansi kufunsana kuti "unamva kwa ndani", dzina lotuluka ndi lanu. Ndinaziona kuno ndi anyamata awiri amene ndinkagona nawo chipinda chimodzi. Lero amadyera limodzi, ine sandipatsa moni.

Nkhoswe wa ku Dedza:
Choyamba, mayi, voisiyo musatumize. Ngakhale alire, ngakhale anene kuti ndiye kuti muli mbali ya winayo, musatumize. Munthu akamalankhula kwa mnzake wapamtima ali wokwiya amatulutsa mawu amene sangawanene pamaso pa mwiniwake. Amakhala akuthira madzi otentha pamalo amene akukhulupirira kuti sapsereza munthu. Mukawatenga mawuwo n'kukapereka kwa mwini nkhani, adzawamvera kakhumi, ndipo adzasewezeranso abale ake. Madzi akatayika saoleka.

Mnyamata wa ku Joniyo wanena zoona theka. Zoona kuti wapakati ndiye amatsala ndi mlandu. Koma amatsala nawo chifukwa chonyamula mawu, osati chifukwa chomvetsera. Komanso inu simungachokepo pano, poti mwalowa kale. Mawu oti "wakuba" anafika kwa wa kumsika kudzera pakamwa panu. Mukangokhala chete lero, mwasiya moto umene munakolezera nawo.

Ndakhala pa unkhoswe wa mabanja ambiri, ndipo lamulo langa ndi limodzi. Munthu asanayambe kudandaula ndimamuuza kuti, "Ndikumvera, koma dziwa kuti mnzakonso ndimumvera. Zimene undiuze sindikamuuza, ndipo zimene andiuze sindidzakuuza." Ena amakhumudwa nazo poyamba, koma ndi mawu amenewa amene amachititsa kuti adzandikhulupirire tsiku lokhala pansi.

Mayi wa ku Chilomoni:
Zikomo ankolo. Voisiyo sinditumiza. Koma nanga poti onse ndinawauza kuti "zoona"? Aliyense akuganiza kuti ndili mbali yake.

Nkhoswe wa ku Dedza:
Apo m'pamene pali ntchito yanu yoyamba, ndipo ndi yowawa. Mupite kwa aliyense payekha, pamaso osati pafoni, mukaulule. Kwa wa saluni mukanene kuti, "Mawu amene unandiuza pakhonde paja ndinakawatchula kwa mnzathu. Ndinalakwa, undikhululukire." Musadikire kuti adzazitulukire yekha. Kwa wa kumsika mukanene kuti, "Ndinakuuza mawu a munthu amene amalira, ndipo sindinakuuze zonse zimene ananena. Sindinayenere kutero."

Ndipo siyani mawu oti "zoona". Munthu wokwiya akamva "zoona" amatenga ngati chigamulo. Mukhoza kumusonyeza kuti mwamva ululu wake popanda kuweruza amene palibe. Nenani kuti, "Ndaona kuti zakupweteka," kapena, "Ndiye iwe unkayembekezera kuti ulandira zingati?" Funso limamuziziritsa munthu kuposa kumuvomereza.

Mlembi wa banki m'khonde:
Asisi, ine ndifunse za manambala, chifukwa pano tikukamba za mitima koma palibe amene wanena kuti ndalama zimene akukanganirana ndi zingati. Kugulu kwathu ndaona amayi akusiya kupatsana moni chaka chathunthu, tikadzatsegula kope n'kupeza kuti nkhani yonse inali ya ndalama yosakwana mtengo wa nkhuku. Belo lonse linagulitsidwa ndalama zingati? Zilipo zimene zinapita pangongole? Nanga wogulitsayo anachotsapo za thiransipoti?

Mayi wa ku Chilomoni:
Malinga ndi zimene wa kumsika ananena mu voisi muja, madiresi onse anakwana K560,000. Koma ya m'manja ndi K470,000. K90,000 ili pangongole kwa alamu ake ndi amayi ena awiri a kutchalitchi kwawo. Pa thiransipoti, tikiti ya msika ndi chakudya cha masana anachotsa K40,000.

Mlembi wa banki m'khonde:
Ndiye tiyeni tiwerenge pang'onopang'ono. Pa K470,000 ya m'manja tichotse K40,000 ya zowonongedwa, patsala K430,000. Tibweze mpamba wa onse awiri, K400,000, patsala K30,000. Imeneyi ndiye phindu limene lilipo lero. Ngongole ija ikadzabwera yonse, phindu lidzakhala K120,000.

Tsopano onani pamene asiyana. Wa saluni mwina akuwerengera kuti poti anaika K250,000 pa K400,000, gawo lake ndi magawo 5 pa 8, kutanthauza K75,000, mnzakeyo K45,000. Wa kumsika akuwerengera theka ndi theka poti iye anaonjezera thukuta, ndiye K60,000 aliyense. Kusiyana kwa mawerengedwe awiriwa ndi K15,000 yokha. Onse awiri ali ndi mfundo, chifukwa mawu oti "tidzagawana phindu" sananene kuti adzagawana bwanji.

Koma pali pamene wa kumsika walakwa poyera, ndipo musaope kumuuza. Anakongoza katundu wa anthu awiri kwa abale ake osafunsa mwini mnzake, komanso wasunga K30,000 osanena kanthu. Kumeneku si kuba ayi, koma kwa munthu amene sakuona kope kumaoneka ngati kuba. Kugulu kwathu timati amene wakongoza popanda chilolezo, ngongoleyo ndi yake. Ikapanda kubwera imachoka pagawo lake.

Makaniko wa ku Mchesi:
Pepani ndilowerere. Inenso ndinakongoza mnzanga K80,000 chaka chatha kuti akonzere injini ya galimoto yake, mpaka lero. Ndikamuimbira akuti ali ku Salima, koma anthu amamuona ku Biwi. Apa palibe zoyanjanitsa. Wangongole ndi wangongole. Mayi awa amuuze wa saluniyo apite kupolisi kapena kukhoti, ndalama ituluka.

Mphunzitsi wa ku Kasungu:
Achimwene a ku Mchesi, yanuyo ndi ina. Inu munakongoza munthu ndipo akukuthawani. Apa palibe amene wathawa, mpamba wabwezedwa kale. Kukhoti munthu akhoza kupita ndithu pa nkhani ya ndalama, koma pa K15,000 ndi pangano la pakamwa, za minibasi ndi masiku otseka saluni zidzaposa ndalama yomwe akuifunayo, ndipo ubwenzi wa zaka zonsezi udzathera pakhomo la khoti pomwepo.

Ine ndikuona kuti ndalama si imene ikuwalepheretsa kugona anthuwa. Wa kumsika wamva kuti akutchedwa wakuba, ndipo munthu wa bizinesi ya pamsika amadya ndi mbiri yake. Wa saluni wanyozedwa pagulu kuti amangodya za mwamuna wake, pamene amaima tsiku lonse kuluka tsitsi. Mukakonza za K15,000 n'kusiya mawu awiriwa, adzagawana ndalama koma osapatsana moni. Kusukulu timaziona kwa ana ndi kwa aphunzitsi omwe. Cholembera chimabwezedwa, koma dzina limene anatchulidwa pamaso pa anzake limakhalabe.

Mayi wa Mvano:
Mwana wanga, pempherera nkhaniyi, ndipo upite nayo kwa akulu ampingo. Iwe wekha siungathe, mutu umodzi susenza denga. Uyitanenso amuna awo ndi alamu amene anatenga madiresiwo, onse akhalepo, aliyense anene zake, ithere pomwepo.

Nkhoswe wa ku Dedza:
Amayi, za pemphero ndagwirizana nanu, koma za kuitana anthu ambiri ndikupempha tidikire kaye. Ngakhale pa Mateyu 18 dongosolo lake limayamba ndi anthu awiri okha, kenako mmodzi kapena awiri oonjezera, mpingo umabwera pamapeto. Anthu akachuluka, munthu salankhulanso kuti amvane ndi mnzake, amalankhula kuti asachite manyazi pamaso pa abale ake. Wa kumsika sangavomere pamaso pa alamu ake kuti analakwa kuwakongoza. Ndipo mwamuna wa wa saluni akamva za sitetasi ija ali ku Joni, nkhani ya anthu awiri isanduka ya mabanja awiri.

Mayi wa ku Chilomoni, mukamaliza kupepesa kuja, mufunse aliyense payekha mafunso awiri. Loyamba: "Ukufuna chiyani kuti nkhaniyi ithe?" Musalole yankho loti "adziwe kuti analakwa". Mukakamire mpaka atchule chinthu chogwirika, kaya ndi kuona kope, kaya ndi kupepesa, kaya ndi tsiku lolandira ndalama. Lachiwiri: "Pa zimene wandiuzazi, n'chiyani chimene ukundilola kukanena kwa mnzako?" Chimene wakulolezanicho muchibwereze pamaso pake kuti amve m'mene mukachinenere. Mukatero ndiye kuti mwanyamula uthenga wotumidwa, osati miseche. Pempho limanyamulika, chitonzo sichinyamulika. "Akufuna aone kope la malonda" mukhoza kukanena. "Akuti ndiwe wadyera" muzisiye pakhomo pomwepo.

Mnyamata wa ku Joni:
Ankolo, zonsezo n'zabwino, koma bwanji angotsegula gulu la WhatsApp la anthu atatu, aliyense alembe zake? Zachangu, komanso pali umboni.

Mphunzitsi wa ku Kasungu:
Umboniwo ndiye vuto lake, achimwene. Munthu akadziwa kuti zimene akulemba zikhoza kujambulidwa n'kutumizidwa kwina, amalemba ngati ali pabwalo la milandu. Komanso polemba simumva kuti mawu a mnzanu akunjenjemera. "Chabwino" wolembedwa akhoza kukhala wamtendere kapena wamwano, ndipo munthu wokwiya amawerenga wamwano nthawi zonse. Foni ikhale yopanganirana tsiku basi.

Mayi wa ku Chilomoni:
Ndabwerako, abale. Dzulo ndinapita kusaluni nthawi yotseka. Nditaulula kuti ndine ndinatchula mawu aja, anasiya kusesa, anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Ndinadziwa kuti ndi iwe, ndimangodikira ngati unene wekha." Zinandipweteka koma ndinapepesa. Za voisi ndinakana. Anati ndiye kuti muli zoipa zambiri. Ndinamuyankha kuti ngakhale zake za pakhonde zija sindidzazibwerezanso kwa munthu. Anakhala chete. Chimene akufuna ndi kuona kope, komanso kuti winayo avomere kuti za amuna aku Joni zija zinali zomunena iye.

Wa kumsika ndinamupeza akulongedza katundu. Kope ali nalo, la ana asukulu lija la masamba 40, ndipo analemba diresi lililonse. Akuti K30,000 anaisunga podikira kuti ngongole ibwere adzagawane kamodzi. Ndinamufunsa chifukwa chake sanamuuze mnzakeyo, anati amachita manyazi kunena kuti alamu ake sanalipire. Akufuna wa saluni abweze mawu oti wakuba. Koma aliyense akuti winayo ndiye ayambe. Apa ndiye ndaima.

Nkhoswe wa ku Dedza:
Mwayenda bwino, mayi. Zoti "ayambe iyeyo" zisakuopseni, ndi chizindikiro choti onse akufuna kubwera koma akusunga ulemu wawo. Oopsa ndi amene amati "sindikufunanso kumuona". Wotero musamukakamize, ndipo musamupusitse pomuitana kuti kuli tiyi pamene mwabisa mnzake m'nyumba. Zimenezo ndinaziyesapo kamodzi ndili mnyamata, munthu anatembenukira pakhomo, ndipo panatenga chaka kuti avomerenso kukhala pansi.

Muwaitane kwanu, aliyense akudziwa kuti mnzake adzakhalapo. Osati kusaluni, osati kumsika, poti pamalo pake munthu amakhala mfumu. Ana muwatumize kwa aneba, mafoni akhale patebulo. Muyambe inuyo kupepesa pamaso pa onse awiri chifukwa cha mawu amene munanyamula. Mukatero funso loti ayambe ndani latha, poti mwayamba ndinu.

Kenako aliyense alankhule osadulidwa. Akamaliza, winayo asayankhe msanga, ayambe wanena zimene wamva. Mudzadabwa kuti munthu amabwereza zosiyana ndi zimene zanenedwa, ndipo mwini mawu amati, "Ayi, sindinatero." Pamenepo m'pamene mfundo zimamasuka. Wina akayamba zakale, zoti pa ukwati wa uje sunandithandize, mumubweze mwaulemu kuti lero ndi la belo. Mawu akakwera, imitsani, mwani madzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mlembi wa banki m'khonde:
Ine ndisiyane pang'ono ndi ankolo pa kayambidwe. Ndikanakhala ine ndikanayamba ndi kope, mitima pambuyo. Wa saluni akangoona kuti diresi lililonse linalembedwa ndipo K30,000 ilipo, mawu oti wakuba agwa okha, kupepesa kudzakhala kosavuta. Mukayamba ndi mitima, adzalira maola awiri koma kukayikira kukadalipo.

Za kagawidwe, musagamule inuyo, asisi. Mungowaikira njira patebulo. Ina ndi iyi: wogulitsa ayambe walandira ya thukuta lake, tinene K30,000 pa masabata atatu aja, ndipo K90,000 yotsalayo igawidwe monga mwa mpamba. Wa saluni apeza K56,250, wa kumsika K33,750 kuphatikiza ya thukuta ija, yonse K63,750. Akaona kuti n'zovuta, theka ndi theka ilinso bwino. Chachikulu n'choti alembe tsiku limene ngongole ibwere, ndi chimene chidzachitike ikapanda kubwera.

Nkhoswe wa ku Dedza:
Amayi a banki, pa nkhani iyi mwina mukhoza kukhala olondola, poti kope lilipo ndipo ndi loyera. Kukanakhala kuti kope lili ndi mipata, kuyamba nalo kukanakhala ngati kuzenga mlandu. Mwini nkhani aone yekha m'mene anthu ake alowere pakhomo.

Makaniko wa ku Mchesi:
Nanga akadzamufunsa maso ndi maso kuti, "Iweyo ukuona kuti wolakwa ndani?" Ayankha chiyani? Chifukwa kumangoti "nonse muli ndi mfundo" nthawi zina ndi mantha chabe. Mnzanga uja anthu onse amangoti timvane, palibe amene anamuuza kuti bweza ndalama za mwini.

Mphunzitsi wa ku Kasungu:
Apa mwafunsa zenizeni, achimwene. Kusakondera sikutanthauza kuti munthu asakhale ndi maso. Akhoza kunena za chochita chilichonse pachokha: kukongoza osafunsa kunali kulakwa, kulemba pa sitetasi kunali kulakwa, kutchula munthu wakuba usanaone kope kunali kulakwa. Chimene asachite ndi kuphatikiza zonse n'kulengeza wopambana. Ndipo ndi bwino aliyense amve kulakwa kwake ali yekha kaye, asadzakumve koyamba pamaso pa mnzake. Koma ndivomereze kuti pali nkhani zina zimene wolakwa amakhala mmodzi, monga yanuyo, ndipo wapakati akamayesa kugawa mlandu pakati kuti onse asangalale amakhala akupondereza wolakwiridwayo.

Mayi wa ku Chilomoni:
Tinakumana Lamulungu masana kwathu. Ndinayamba ndi kupepesa kwanga monga ananenera ankolo, kenako kope monga ananenera amayi a banki. Wa saluni anawerenga tsamba ndi tsamba akutsatira ndi chala. Atafika pa dzina la alamu aja anafunsa kuti, "Bwanji sunangondiuza?" Winayo anagwetsa misozi. K30,000 anaitulutsa pomwepo, inali yomangidwa pa nsonga ya chitenje, ndipo anagwirizana kuti yonse itengedwe ndi wa saluni. Agawana theka ndi theka, ndiye ngongole ikabwera wa saluni adzalandira K30,000 ina, wa kumsika K60,000. Ikapanda kubwera pakutha pa mwezi wamawa, wa kumsika adzapereka K30,000 imeneyo kuchokera m'thumba mwake. Tinalemba m'kope momwemo, onse anasaina, inenso ndinasaina.

Wa saluni ananena momveka kuti, "Siunabe, ndinalankhula ndi mkwiyo." Koma wa kumsika pa za sitetasi anangoti, "Ngati zinakukhudza, pepa." Ndinaona nkhope ya winayo ikusintha. Sindinadziwe ngati ndilowererepo, ndiye ndinangokhala chete. Anatuluka mosiyana, wina anatsogola, wina anatsala kundithandiza kutsuka makapu. Usiku wa saluni anandilembera kuti kupepesa kuja sikunali kwenikweni, ndipo anafuna tiyambenso kukambirana za mnzakeyo. Ndinamuyankha kuti zimenezo amuuze mwiniwake, ine ndikhoza kudzakhalapo ngati akufuna. Anawerenga koma sanayankhe.

Mayi wa Mvano:
"Ngati zinakukhudza" si kupepesa, mwana wanga. Ubwerere kwa wa kumsikayo ukamuuze kuti mnzake anatsitsa mtima wonse, iye anatsitsa theka.

Nkhoswe wa ku Dedza:
Zoona si kupepesa kokwanira, amayi, koma ine ndikanadikira sabata imodzi. Akapita mawa, wa kumsika adzamva ngati watumidwa ndi winayo, ndipo adzaumitsa khosi. Mayi wa ku Chilomoni, mukadzapita mudzalankhule za zimene munaona ndi maso anu Lamulungu, osatchula uthenga wa usiku uja. Kodi Loweruka likubwerali pali pamene onse awiri adzapezeke, kaya ku chinkhoswe kaya ku mpingo?

Mayi wa ku Chilomoni:
Kuli chinkhoswe cha mng'ono wa mnzathu wina ku Chirimba, ndipo onse awiri anaikidwa kale m'gulu lophika. Wa kumsika wandiimbira m'mawa uno kufunsa ngati winayo adzabwere ndi mapoto ake aakulu aja. Ndamuuza kuti amuimbire yekha, nambala ali nayo.